Msonkho pa Phindu la Golide ndi pa Ndalama za Masheya: Mmene Zimakhalira ku South Africa

Golide ndi masheya zimapindulitsa mwini wake m'njira zosiyana, ndipo kusiyana kwa msonkho wake kumayambira pomwepo. Sheya ndi kachigawo ka umwini wa kampani. Kampaniyo ikapeza phindu ikhoza kugawako lina kwa eni masheya, ndipo gawo limeneli ndilo limatchedwa dividendi. Mtengo wa sheyayo ukhozanso kukwera, mwiniyo n'kudzapindula tsiku logulitsa. Golide alibe njira ziwirizi. Khobidi la golide likasungidwa m'sefa zaka khumi limatulukamo lili limodzi lomwelo, silibereka ndipo siligawa kanthu. Phindu lake lonse limaoneka tsiku limodzi, tsiku logulitsa. Tinganene kuti mwini masheya ali ngati woweta ng'ombe yamkaka, amene amakama ndipo tsiku lina adzagulitsa ng'ombeyo, pomwe mwini golide ali ndi nthena yongodikira tsiku la msika.

Malamulo a msonkho m'maiko ambiri amalekanitsa mkaka ndi ng'ombe. Ndalama zobwera mobwerezabwereza, monga malipiro, lendi, chiwongoladzanja ndi dividendi, zili ndi msonkho wake. Phindu limene munthu amapeza pogulitsa chuma chimene ankasunga lilinso ndi msonkho wake, umene kawirikawiri umakhala wopepukirapo. Dziko la South Africa limaonetsa bwino kusiyanaku, chifukwa lili ndi msika waukulu wa masheya wa JSE ku Johannesburg komanso ndiko kwawo kwa khobidi la golide lodziwika padziko lonse la Krugerrand. Ziwerengero za m'nkhani ino ndi za chaka cha msonkho choyambira pa 1 Malichi 2024 kufika pa 28 Febuluwale 2025. Zimasintha ndi bajeti ya boma, koma kawerengedwe kake kakhala kofanana kwa zaka zambiri.

Msonkho wa dividendi ndi wosavuta kuumva. Unayamba pa 1 Epulo 2012 uli pa 15 peresenti, ndipo mu Febuluwale 2017 unakwezedwa kufika pa 20 peresenti. Mwini masheya saupereka ndi dzanja lake. Kampani yogawa dividendiyo, kapena kampani imene imamusungira masheyawo, imadula msonkhowo ndalama zisanafike mu akaunti yake n'kuutumiza ku bungwe lotolera misonkho la SARS. Pa R1,000 ya dividendi amalandira R800, nkhani yatha. Wolemera ndi wopeza pang'ono amadulidwa chimodzimodzi, ndipo palibe kagawo koyamba kokhululukidwa. Mayi wopuma pa ntchito amene ndalama zake sizifika n'komwe pa mlingo wokhomerapo msonkho wa malipiro amadulidwabe R20 pa R100 iliyonse ya dividendi.

Ndalamazo zimafikanso kwa mwini masheya zitadulidwa kale kamodzi. Kampani imakhoma 27 peresenti pa phindu lake, choncho pa R100 imene yapindula pamatsala R73. Ikagawa yonseyo, msonkho wa dividendi umachotsapo R14.60, mwini masheya n'kulandira R58.40. Wogula masheya sauona msonkho woyambawo pa chikalata chake, koma ulipo. Pali gulu limodzi la makampani limene limayendera lamulo lina: makampani a pa JSE amene ntchito yawo ndi kusunga nyumba ndi kutolera lendi. Zimene iwo amagawa kwa nzika za msonkho za dzikolo zimaphatikizidwa ku ndalama zina za munthuyo ndi kukhomeredwa ngati malipiro.

Msonkho wa phindu la pogulitsa chuma unayamba pa 1 Okutobala 2001, ndipo umakhudza golide ndi masheya mofanana. Ambiri amaganiza kuti ndi msonkho wapadera wokhala ndi peresenti yakeyake, koma si mmene ulili. Munthu amatenga ndalama zimene walandira pogulitsa n'kuchotsapo zimene anawononga kuti apeze chumacho, kutanthauza mtengo wogulira pamodzi ndi zolipira zina za pogula ndi pogulitsa. Chotsalacho ndicho phindu. Pa phindu lonse la chaka chimenecho, R40,000 yoyamba imakhululukidwa. Pa zotsalazo amatengapo 40 peresenti yokha, imene amaiphatikiza ku ndalama zina za munthuyo, ndipo imakhomeredwa pa mlingo wa msonkho wa malipiro ake. Mlingo wotsikitsitsa wa msonkho wa malipiro ndi 18 peresenti, wokweretsetsa ndi 45 peresenti. Choncho msonkho weniweni pa phindu la pogulitsa chuma umakhala pakati pa 7.2 ndi 18 peresenti. Ngakhale mpondamatiki wa ku Sandton amakhoma zochepa pa randi ya phindu lotere kusiyana ndi 20 peresenti imene wina aliyense amadulidwa pa randi ya dividendi.

Mawu akuti golide amaphimba zinthu zingapo, ndipo lamulo limaona chilichonse payekha. Krugerrand inayamba kupangidwa mu 1967. Yaikulu imalemera magalamu 33.93, ndipo mmenemo muli aunsi imodzi ya golide weniweni, magalamu 31.1, chotsalacho ndi mkuwa woilimbitsa. Kuyambira 1980 pali zing'onozing'ono za theka, kota ndi gawo limodzi la magawo khumi a aunsi. Mwalamulo Krugerrand ndi ndalama ya dzikolo, ndipo n'chifukwa chake ena amaganiza kuti phindu lake lilibe msonkho. Akulakwitsa. Lamulo limanena kuti ndalama wamba si chuma chokhomerapo msonkho umenewu, koma limapatula mwachindunji makobidi opangidwa kwambiri ndi golide kapena pulatinamu. Chimene wogula Krugerrand amapepukidwa nacho ndi msonkho wa VAT, umene pa makobidiwa uli pa ziro.

Mphete, ndolo ndi mikanda ya golide imene munthu amavala zili m'gulu la katundu wogwiritsa ntchito pa moyo wake, ndipo phindu la pogulitsa katundu wotere siliwerengedwa. Zimamveka zokoma, koma lamulolo limadula mbali zonse: kuluza kwake sikuwerengedwanso, ndipo mphete yogula m'sitolo imanyamula VAT ndi mtengo wa mmisiri, zimene wogula golide wakale sabweza. Golide wosasula, monga wa m'mgodi kapena wongosungunulidwa, ndi nkhani ya apolisi isanakhale nkhani ya msonkho, chifukwa lamulo la miyala yamtengo wapatali la 2005 limaletsa kukhala naye popanda chilolezo. Masheya a makampani okumba golide, monga Harmony ndi Gold Fields, ndi masheya basi. Dividendi yake imadulidwa 20 peresenti ngati ya banki kapena ya kampani ya mafoni.

Chitsanzo chongopeka chingathandize. Mphunzitsi wa ku Durban ali ndi ndalama zokhomerapo msonkho zokwana R400,000 pachaka. Iye ali pa mlingo wa 31 peresenti, umene umayambira pa ndalama zopitirira R370,500 n'kulekezera pa R512,800. Wagula makobidi a Krugerrand a R200,000 ndi masheya a R200,000, zolipira zonse zili momwemo, ndipo wasunga zonse zaka zisanu. Kuti kufanizira kukhale kwachilungamo, mbali iliyonse yamupindulira R120,000.

Makobidi wawagulitsa R320,000. Pa phindu la R120,000 pachoka R40,000 yokhululukidwa, patsala R80,000. Gawo la 40 peresenti la ndalamazi ndi R32,000, ndipo likaphatikizidwa ku malipiro ake iye akadali pa mlingo wake womwe uja. Msonkho wake ndi 31 peresenti ya R32,000, yomwe ndi R9,920. Pa zaka zinayi zoyamba sanakhome kanthu, ndipo pa phindu lonse boma latengapo pafupifupi R8 pa R100 iliyonse.

Masheya amupatsa dividendi ya R8,000 chaka chilichonse, yokwana R40,000 pa zaka zisanu. Chaka ndi chaka ankadulidwa R1,600, yonse pamodzi R8,000. Kenako wawagulitsa R280,000 m'chaka cha msonkho chosiyana ndi chimene anagulitsira makobidi. Phindu ndi R80,000, ndipo R40,000 ikachoka patsala R40,000. Gawo lolowa ku malipiro ndi R16,000, msonkho wake R4,960. Mbali ya masheya yamudyera R12,960 yonse pamodzi, pafupifupi R11 pa R100 iliyonse ya phindu, ndipo R8,000 ya ndalamazo inachoka kale m'zaka zimene ikanatha kugula masheya ena.

Kusiyana kwa R3,040 kumeneku ndi kwenikweni koma n'kochepa, ndipo sikokwanira kuti munthu asankhire golide. Chitsanzochi chakakamiza mbali zonse kupindula mofanana, zimene msika suchita. Sichinawerengenso mpata umene umakhala pakati pa mtengo umene sitolo ya makobidi imagulitsira ndi umene imagulira, kapena ndalama za sefa ndi inshuwalansi. Chimene chitsanzochi chikuonetsa bwino ndi mphamvu ya tsiku logulitsa. Mphunzitsiyo akanagulitsa makobidi ndi masheya m'chaka chimodzi, R40,000 yokhululukidwa ikanagwira ntchito kamodzi kokha, chifukwa ndi ya munthu pachaka, osati ya katundu aliyense. Phindu lonse likanakhala R200,000, ndipo msonkho wake ukanafika R19,840 m'malo mwa R14,880. Chaka cha msonkho chimatha kumapeto kwa Febuluwale, kotero kugulitsa china pa 27 Febuluwale ndi china pa 2 Malichi kukanamupulumutsira R4,960. Dividendi ilibe mwayi woterewu, poti tsiku lake amasankha ndi akuluakulu a kampani.

Pali funso lina lolemera kuposa masamu onsewa, ndipo ndi pamene golide amaonekera kufooka. Kawerengedwe kopepuka kaja kamagwira ntchito pokhapokha ngati chinthucho chinali chuma chosunga. Ngati munthu anagula ndi cholinga choti adzagulitse mopindula, lamulo limamuona ngati wamalonda, mofanana ndi wopikula matumba a chimanga. Pamenepo phindu lonse limalowa ku ndalama zake zokhomerapo msonkho, popanda R40,000 yokhululukidwa komanso popanda kutengapo 40 peresenti yokha. Kwa mphunzitsi uja, R120,000 ikanakweza ndalama zake kufika pa R520,000. Gawo la R112,800 likanakhomeredwa pa 31 peresenti, ndipo R7,200 yodutsa malire ikanakhomeredwa pa 36 peresenti. Msonkho ukanakhala R37,560, pafupifupi kanayi kuyerekeza ndi R9,920 ija, pa makobidi omwewo ogulitsidwa pa mtengo womwewo.

Mwini masheya ali ndi pothawira. Gawo 9C la lamulo la msonkho wa ndalama zimene munthu amapeza limati masheya amene asungidwa zaka zitatu mosadukiza amatengedwa ngati chuma chosunga, kaya mwiniyo ankaganiza chiyani pogula. Ngakhale zaka zitatu zisanakwane, iye akhoza kuloza dividendi n'kunena kuti ndi imene anagulira. Makobidi a golide sali m'gawo limenelo, ndipo alibe dividendi yoti munthu aloze. Apa wotolera msonkho amakhala ndi funso losavuta kufunsa: chinthu chosabereka kanthu munthu angachigulirenji ngati si kuti adzachigulitse? Lamulo limaikanso udindo wopereka umboni pa wokhoma msonkho. SARS siyenera kutsimikizira kuti munthuyo ndi wamalonda. Munthuyo ndiye ayenera kuonetsa kuti sali wamalonda.

Makhoti a dzikolo aweruza milandu ya Krugerrand mbali zonse ziwiri. Pa milandu ina anapeza kuti wogulayo analibe cholinga china koma kudzagulitsa mtengo ukakwera, ndipo phindu linakhomeredwa lonse. Pa mlandu wa Nel wa mu 1997 zinayenda mwina. Munthuyo anagula makobidi pofuna kuteteza chuma chake ku kuchepa mphamvu kwa ndalama, anawasunga zaka zambiri osagulitsa, ndipo anadzagulitsako ena kuti agulire mkazi wake galimoto. Khoti linavomereza kuti chinali chuma chosunga. Zimene makhoti amayang'ana n'zodziwika: utali wa nthawi imene munthu wasunga, kangati wagula ndi kugulitsa, chimene chamugulitsitsa, komanso ngati ndalama zogulira zinali zake zosunga kapena zangongole. Wogula ndi ngongole, amene amagulitsa mtengo ukangokwera n'kugulanso ukatsika, zimamuvuta kukhutiritsa aliyense kuti amasunga chuma.

Izi zimakhudzanso nzeru ina imene ogulitsa makobidi amakonda kutchula. Popeza makobidi amagawika, munthu akhoza kugulitsa ochepa chaka chilichonse kuti phindu lake lisapitirire R40,000. Mphunzitsi uja akanagawa phindu lake la R120,000 pa zaka zitatu za msonkho, osagulitsa chuma china m'zakazo, sakanakhoma ngakhale senti. Njirayi ndi yololedwa, ndipo imagwiranso ntchito pa masheya. Koma amene amagulitsa chaka ndi chaka n'kumagulanso makobidi ena nthawi yomweyo amakhala akudzilembera yekha mbiri ya wamalonda.

Kuluza kuli ndi lamulo lake. Munthu akagulitsa chuma pa mtengo wotsika kuposa umene anagulira, zimene waluzazo zimachotsedwa pa phindu la chuma china chimene wagulitsa, kaya ndi golide kaya masheya, ndipo zotsala zimasungidwa kudikira phindu la zaka zam'tsogolo. Sizichepetsa msonkho wa malipiro, ndipo sizibweza msonkho wa dividendi. Munthu akhoza kuluza R50,000 pa mtengo wa masheya m'chaka chimene wadulidwa 20 peresenti pa dividendi ya masheya omwewo.

Kukwera mitengo kwa zinthu nako sikuwerengedwa, ndipo apa golide amapwetekeka mwapadera. Ambiri amamugula pofuna kuti ndalama zawo zisathe mphamvu, koma lamulo limayerekeza marandi a tsiku logula ndi marandi a tsiku logulitsa ngati kuti ndi amodzi. Ngati mitengo ya zinthu yawirikiza kawiri ndipo mtengo wa khobidi wawirikizanso kawiri, mwiniyo sanalemere ngakhale pang'ono, komabe papepala theka la ndalama zimene walandira ndi phindu lokhomerapo msonkho.

Kugulitsa si njira yokhayo imene msonkho umabwerera. Kupereka makobidi kapena masheya ngati mphatso kumatengedwa ngati kugulitsa pa mtengo wa pamsika wa tsikulo. Bambo wopatsa mwana wake Krugerrand pa ukwati akhoza kukhala ndi phindu lokhomerapo msonkho asanagwire ndalama iliyonse. Imfa imatengedwanso chimodzimodzi, ngakhale kuti m'chaka cha imfa ndalama yokhululukidwa imakwera kufika pa R300,000. Chuma chopita kwa mkazi kapena mwamuna wa mwiniyo sichikhomeredwa nthawi imeneyo. Wolandirayo amatenga mtengo wogulira wa mnzakeyo, ndipo msonkho umadikira tsiku limene iye adzagulitse.

Masheya ali ndi khomo lina limene khobidi la m'sefa silingalowe. Kuyambira Malichi 2015 boma linalola maakaunti osungira ndalama opanda msonkho, momwe munthu akhoza kuikamo mpaka R36,000 pachaka ndi R500,000 pa moyo wake wonse. Ndalamazo zikhoza kuikidwa m'mathumba ovomerezeka amene amagula masheya a makampani ambiri, ndipo mmenemo mulibe msonkho wa dividendi kapena wa phindu la pogulitsa. Wopitirira malirewo amalipira chindapusa cha 40 peresenti pa ndalama zopitirirazo. Kwa munthu woyamba kumene, amene ndalama zake sizifika R36,000 pachaka, akauntiyi imafafaniza mwayi wonse wa msonkho umene golide anali nawo m'chitsanzo chija.

Malire a dziko amasintha yankho. Ku Britain makobidi a golide a Sovereign ndi Britannia sakhomeredwa msonkho wa phindu chifukwa ndi ndalama yovomerezeka ya dzikolo, koma Krugerrand yogulitsidwa ku London imakhomeredwa. Ku United States golide ali m'gulu limodzi ndi zinthu zimene anthu amatolera, monga zithunzi zojambula ndi masitampa, ndipo phindu la golide wosungidwa kupitirira chaka likhoza kukhomeredwa mpaka 28 peresenti, pomwe la masheya limalekezera pa 20 peresenti pa mlingo wake waukulu. Chitsulo chimodzimodzi chimapepukidwa kwina n'kulemeredwa kwina. Kwa Mmalawi kapena Mzambia wokhala ku Joni, chimene chimasankha lamulo si pasipoti ayi. Amene wakhazikika m'dzikolo ngati kwawo ndi nzika ya msonkho ya South Africa, chimodzimodzinso amene wakhalamo masiku opitirira 91 m'chaka chimenecho ndi m'chaka chilichonse cha zaka zisanu zam'mbuyo, masiku a zaka zisanuzo n'kupitirira 915. Munthu wotere amakhoma pa phindu la chuma chake kulikonse kumene chili.

Masamu onsewa amayambira pa mtengo wogulira, ndipo mtengowo uyenera kukhala ndi umboni. Kampani yosungira masheya imalemba tsiku ndi mtengo wa kugula kulikonse, ndipo chaka chikatha imatulutsa chikalata cha msonkho chosonyeza dividendi ndi phindu. Khobidi logulidwa pakauntala lilibe womulembera mwiniyo. Lisiti likasowa patapita zaka khumi, zimavuta kutsimikizira ndalama zoyenera kuchotsa pa mtengo wogulitsira, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo likhoza kuwerengedwa ngati phindu. Lisiti la Krugerrand liyenera kusungidwa nthawi yonse imene khobidilo lili m'manja, ndi zaka zina zisanu kuchokera tsiku limene fomu ya msonkho ya chaka chogulitsira yaperekedwa ku SARS.